Nsabwe za M'mutu ku Pembamoyo: Mankhwala, Chipeso ndi Kuthetsa Vutoli M'nyumba Yonse

M'midzi ya kwa Pembamoyo, chakum'mawa kwa Chadiza pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, banja limene lapeza nsabwe m'mutu mwa mwana limayenera kusankha pakati pa kugula mankhwala, amene kawirikawiri amafuna ulendo wa ku boma kapena ku Chipata, ndi kugwiritsa ntchito chipeso cha mano othithikana pamodzi ndi mafuta amene ali kale m'nyumba. Njira ziwirizi zimatha kugwira ntchito ndipo zimathanso kulephera. Chimene chimasiyanitsa banja limene lathana nazo ndi banja limene likulimbana nazo chaka chonse ndi masiku amene ntchitoyo yabwerezedwa, ndiponso kuchuluka kwa mitu imene yasamalidwa pa tsiku limodzi.

Kodi nsabwe ya m'mutu imakhala bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani moyo wake uyenera kudziwika mankhwala asanagulidwe?

Nsabwe yaikulu imatalika mamilimita 2 kapena 3, ili ndi miyendo isanu ndi umodzi yokhala ndi tizikhadabo togwirira tsitsi, ndipo ilibe mapiko, sidumpha ngati nthata, imangoyenda kuchoka pa tsitsi lina kupita pa lina pamene mitu iwiri yakhudzana. Imayamwa magazi kangapo pa tsiku, moti ikagwa m'mutu imafa pasanathe masiku awiri chifukwa cha njala ndi kuuma kwa thupi. Yaikazi imakhala ndi moyo pafupifupi masiku 30, ndipo ikakhwima imaikira mazira angapo tsiku lililonse, amene anthu amawatcha mina, n'kuwamata ndi ulimbo wake wolimba pa tsitsi, pafupi kwambiri ndi khungu pamene pali kutentha kowafungatira.

Ziwerengero ziwiri ndizo zimalamula zonse zochitika pambuyo pake. Dzira limaswa pakati pa masiku 7 ndi 10 kuchokera pamene laikiridwa, ndipo kamwana kotuluka m'dziralo kamafuna masiku ena pafupifupi 9 mpaka 12 kuti kakhwime n'kuyamba kuikira. Popeza mankhwala ambiri amapha nsabwe zoyenda koma amasiya mazira ena amoyo, ndipo chipeso nachonso sichichotsa dzira lililonse, mutu umene wasamalidwa lero umakhala ndi tiana tatsopano mkati mwa sabata. Ntchito yonse yagona pa kupha kapena kuchotsa tiana timeneti tisanakhwime, mpaka dzira lomaliza litaswa.

Kodi kuyabwa kwa m'mutu ndi umboni wokwanira wakuti munthu ali ndi nsabwe?

Kuyabwa sikukwanira, pa zifukwa ziwiri zotsutsana. Munthu amene wagwidwa ndi nsabwe koyamba amatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi asanayambe kukanda, chifukwa kuyabwako kumabwera pamene thupi layamba kukana malovu a nsabwe, kotero mwana wosakanda angakhale ndi nsabwe zambiri n'kumapatsira abale ake. Mbali inayi, mwana amene nsabwe zatha kale angapitirize kukanda kwa masiku angapo, makamaka ngati mankhwala amupsereza khungu.

Palinso matenda ena amene amasokonezedwa ndi nsabwe. Chipere, chimene chimabwera ndi nkhungu yomera pa khungu, chimasiya mabwalo otuwa pamene tsitsi lathothoka, ndipo chimafuna mankhwala akumwa ochokera ku chipatala. Mphere zimayabwa kwambiri usiku pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno. Mfundu imayoyoka ikakhudzidwa, pamene dzira la nsabwe limakakamira pa tsitsi ndipo limangochoka likakokedwa ndi zikhadabo mpaka kunsonga. Ngakhale mazira enieniwo sasonyeza kuti nsabwe zikadalipo, chifukwa tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo chikhungwa choyera chimene chili patali ndi khungu kuposa sentimita imodzi nthawi zambiri n'chakale, chinaswa kapena chinafa.

Umboni wodalirika ndi nsabwe yamoyo, yoyenda, ndipo chida choipezera ndi chipeso. Kafukufuku wochitika m'sukulu za ku Jeremani, amene anafalitsidwa mu 2009, anapeza kuti kupesa tsitsi lonyowa kunazindikira pafupifupi ana 91 pa 100 alionse amene analidi ndi nsabwe zamoyo, pamene kuyang'ana ndi maso kunazindikira 29 okha. Zimenezi zikutanthauza kuti ngakhale banja limene lasankha mankhwala likufunikabe chipeso, poti popanda icho silingadziwe amene ayenera kupakidwa ndiponso ngati mankhwalawo agwira.

Kodi mankhwala a nsabwe alipo a mitundu ingati, ndipo shampu ikusiyana bwanji ndi mankhwala opaka?

Gulu loyamba ndi la mankhwala amene amapha nsabwe poononga mitsempha yake. Wodziwika kwambiri ndi pemetirini wa mphamvu ya 1 pa 100, amene amapakidwa m'tsitsi lotsukidwa ndi lopukutidwa n'kusiyidwa kwa mphindi 10. Wina ndi malatiyoni wa mphamvu ya 0.5 pa 100, amene amapakidwa m'tsitsi louma n'kukhala maola 8 mpaka 12, ndipo mtundu wake wosakanizidwa ndi mowa wa m'mankhwala umayaka moto mosavuta, choncho wopakidwayo sayenera kuyandikira mbaula, kandulo kapena nyali ya palafini. Gulu lachiwiri ndi la mankhwala opanda poizoni, monga dimetikoni wa mphamvu ya 4 pa 100, amene ndi mafuta opangidwa m'fakitale omwe amakuta nsabwe n'kutseka tiziboo timene imapumira ndi kutulutsira madzi. Ameneyu amakhala m'mutu maola 8 kapena usiku wonse, nayenso safuna moto pafupi, ndipo ubwino wake ndi wakuti nsabwe sizingamuzolowere mosavuta chifukwa amagwira ntchito potseka, osati popha mitsempha.

Mawu akuti shampu ya nsabwe amaphimba kusiyana kumene wogula ayenera kukudziwa. Shampu yeniyeni, imene imapakidwa m'tsitsi lonyowa, kuchita thovu ndi kutsukidwa patapita mphindi zochepa, imasungunuka ndi madzi ndipo sikhalitsa m'mutu, moti ndiyo yofooka kwambiri pa mitundu yonse. Mankhwala opaka amene amasiyidwa kwa nthawi yolembedwa pa botolo amagwira bwino kuposa shampu ya mankhwala omwewo. Amene ali ndi ndalama ya botolo limodzi amachita bwino kufunsa wogulitsa mankhwala kuti ndi uti amene amasiyidwa m'mutu, ndi kuona tsiku lothera mphamvu komanso ngati mankhwalawo ndi ovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala m'Zambia.

M'zipatala zazing'ono za kumudzi mankhwala amene amapezeka kawirikawiri ndi benzo benzoeti, amene ntchito yake yaikulu ndi kuchiza mphere. Amaphanso nsabwe, koma amawotcha khungu, saloledwa pa zilonda ndi pafupi ndi maso, ndipo kwa ana amayenera kusungunulidwa monga mmene wachipatala walangizira. Lindeni, amene anali wotchuka kale, anaikidwa mu 2009 pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa pa dziko lonse mu pangano la ku Stockholm, ndipo amatha kuchititsa khunyu mwa ana, kotero botolo lake lakale likapezeka m'nyumba siliyenera kugwiritsidwa ntchito.

N'chifukwa chiyani mankhwala amalephera, ndipo banja lingadziwe bwanji chimene chalakwika?

Cholakwa chofala ndi kupaka kamodzi kokha. Mazira amene apulumuka amaswa sabata yotsatira, ndipo ngati mankhwala sanabwerezedwe pakati pa masiku 7 ndi 10, tiana timakhwima n'kuyambitsanso vutolo. Cholakwa chachiwiri ndi kugawa botolo limodzi pa mitu yambiri, pamene mutu umodzi wa tsitsi lofika m'khosi umafuna pafupifupi mamililita 50 pa kupaka kumodzi, ndipo tsitsi lambiri lothithikana limafuna kuposa pamenepo kuti mankhwala afike pa khungu ponse, makamaka kumbuyo kwa makutu ndi kunkhongo kumene nsabwe zimakonda. Chachitatu chimakhudza kwambiri mabanja a kuno, kumene tsitsi limadzozedwa vaselini kapena mafuta ena tsiku ndi tsiku: mafuta amaphimba tsitsi n'kulepheretsa pemetirini kugwira, choncho mutu uyenera kutsukidwa kaye ndi sopo wamba n'kupukutidwa.

Palinso vuto lakuti nsabwe zina zinazolowera mankhwala. Pemetirini wagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, ndipo nsabwe zobadwa ndi mitsempha yosamva mankhwalawa ndizo zinapulumuka n'kuswana, kotero kuti kafukufuku wa ku Amereka wa mu 2016, amene anasonkhanitsa nsabwe m'zigawo 48 za dzikolo, anapeza chizindikiro cha kusamvaku pafupifupi mwa zonse.

Chipeso chimatha kusiyanitsa zifukwa zimenezi. Ngati tsiku lotsatira kupaka mankhwala chipeso chikutulutsa nsabwe zazikulu zothamanga monga kale, ndipo mankhwalawo anapakidwa okwanira m'tsitsi lopanda mafuta, ndiye kuti nsabwezo sizikumva mankhwalawo, ndipo nzeru ndi kusintha gulu la mankhwala m'malo moonjezera omwewo. Ngati patapita masiku anayi kapena asanu mukupezeka tiana tating'ono tokhatokha, ndiye kuti mazira akuswa monga mmene zimayembekezekera, ndipo kupaka kwachiwiri kudzatimaliza. Koma ngati mutu unali woyera kwa masiku angapo kenaka mwapezeka nsabwe imodzi kapena ziwiri zazikulu popanda tiana, zimenezo zachokera m'mutu mwa munthu wina, m'nyumba momwemo kapena kusukulu.

Kodi chipeso choyenera n'chotani, ndipo chimagwiritsidwa ntchito bwanji pa tsitsi lopiringizika?

Chipeso cha nsabwe chili ndi mipata ya mamilimita 0.2 mpaka 0.3 pakati pa mano ake, ndipo wogula angachiyese polowetsa mapepala a m'kope: ngati mapepala oposa atatu akulowa pamodzi mosavuta, tiana ta nsabwe tidzadutsanso. Chapulasitiki cha mano aafupi chimakwanira kuchotsa nsabwe zoyenda ndipo sichipweteka kwambiri, pamene chachitsulo cha mano aatali chimachotsa mazira ambiri koma chimadula tsitsi ngati wopesayo akuthamanga.

Malangizo ambiri olembedwa pa mapaketi anakonzedwa poganizira tsitsi lowongoka, ndipo amene angawatsatire monga mmene alili pa tsitsi lopiringizika amangoliza mwana n'kuthyola chipeso. Choyamba malukidwe onse ayenera kumasulidwa, pamodzi ndi tsitsi lililonse logula limene linalumikizidwa, chifukwa pansi pa luko ndi malo amene chipeso ndi mankhwala sizifika. Kenaka tsitsi limanyowetsedwa n'kupakidwa zofewetsa zambiri, kaya ndi kondishona, amene ndi mafuta oyera ofewetsa tsitsi ogulitsidwa m'masitolo, kaya ndi mafuta ophikira. Zofewetsazi sizipha nsabwe modalirika, koma zimaichititsa kulephera kuthamanga ndi kugwira tsitsi, ndiponso zimalola mano a chipeso kudutsa. Tsitsi limawongoledwa kaye ndi chipeso wamba cha mano otalikirana, n'kugawidwa m'timagulu tochepa tomangidwa payokhapayokha.

Pa kagulu kalikonse, wopesa amakoka tsitsi ndi dzanja limodzi kuti liwongoke, amalowetsa chipeso mpaka mano atakhudza khungu, n'kuchikoka mosalekeza kufikira kunsonga, ndipo akatero amachipukuta pa kansalu koyera kuti aone chimene chatuluka. Kagulu kamodzi kamapesedwa kangapo mpaka chipeso chituluke chopanda kanthu, kenaka kamamangidwa padera kuti kasakhudzane ndi kosapesedwa. Tsitsi lalifupi limatha m'mphindi 10 kapena 15, koma la mtsikana amene amaluka lingafune theka la ola kapena kuposa, ndipo ntchitoyi imayenera kuchitika panja masana, poti kuwala kwa tochi kapena kandulo sikuonetsa tiana.

Kupesaku kumachitika pa tsiku loyamba, lachisanu, lachisanu ndi chinayi ndi la 13, kenaka pa tsiku la 17 mutu umayesedwa komaliza. Mpata wa masiku anayi unasankhidwa chifukwa kamwana koswa lero sikangakhwime chipeso chisanabwerenso, ndipo tsiku la 13 limadutsa nthawi imene dzira lochedwa kwambiri limaswa.

Pakati pa mankhwala ndi chipeso, kodi n'chiti chimene chimapambana?

Kafukufuku sanapereke yankho limodzi, ndipo kusagwirizana kwake kuli ndi phunziro. Ku Wales, zotsatira zofalitsidwa mu 2000 zinasonyeza kuti malatiyoni wopakidwa kawiri anachiza ana 78 pa 100 alionse, pamene kupesa kunachiza 38. Patapita zaka zisanu, mu 2005, kafukufuku wina wa ku Britain anapeza kuti kupesa ndi chipeso chokonzedwa bwino kunachiza 57 pa 100, pamene mankhwala ogula m'sitolo, amene anapakidwa kamodzi kokha, anachiza 13. Mankhwala anapambana pamene anabwerezedwa ndipo nsabwe zinali zomvabe, ndipo chipeso chinapambana pamene chinali chabwino ndipo mankhwala anapakidwa kamodzi. Palibe njira imene inafika pa ana onse.

Kwa banja la ku Pembamoyo, kuyerekezaku kuyenera kuonanso mtengo ndi nthawi. Chipeso chimagulidwa kamodzi n'kutumikira nyumba yonse kwa zaka, chilibe malire a msinkhu, ndipo nsabwe sizingachizolowere, koma chimafuna munthu woleza mtima kwa masabata awiri, zimene n'zovuta pa nyengo yopalira kapena yokolola. Mankhwala amapulumutsa nthawi koma amafuna mabotolo okwanira mutu uliwonse kawiri. Maganizo oyenera ndi akuti chipeso chikhale maziko m'nyumba iliyonse, ndipo mankhwala aonjezeredwe pa mitu imene ili ndi nsabwe zambiri kapena tsitsi lovuta kupesa. Mwana wosakwana miyezi 6 amangopesedwa pokhapokha wachipatala atanena zina, mayi wapakati kapena woyamwitsa amachita bwino ndi chipeso kapena dimetikoni, ndipo wodwala mphumu ayenera kupewa mankhwala osakanizidwa ndi mowa chifukwa fungo lake limabanikitsa.

Nanga kumeta mpala, kumene makolo ambiri amathamangira?

Kumeta mpala kumagwiradi ntchito, chifukwa kumachotsa nsabwe ndi mazira nthawi imodzi n'kusiya mutu wopanda pogwira, ndipo kwa mnyamata amene amameta kale ndiyo njira yachidule ndi yotsika mtengo. Kuchepetsa tsitsi kokha sikukwanira, poti mazira amoyo ali m'munsi mwa tsitsi, mamilimita ochepa kuchokera pa khungu. Tsitsi lometedwa liyenera kusesedwa n'kukwiriridwa kapena kutenthedwa, lezala isagwiritsidwe ntchito pa anthu awiri, ndipo makina ometera atsukidwe chifukwa ndiwo amafalitsa chipere. Kwa mtsikana wamkulu amene wasunga tsitsi kwa zaka, kumeta mokakamiza kumamuchititsa manyazi pakati pa anzake ndipo kumaphunzitsa ana ena kubisa kuyabwa, kotero sikuyenera kukhala chilango pa vuto limene silisonyeza uve, popeza nsabwe zimakhala bwino m'tsitsi losamba monga m'tsitsi losasamba.

Kodi nyumba yonse imasamalidwa bwanji? Chitsanzo chingakhale chotani?

Chitsanzo chikhale cha banja la anthu asanu ndi awiri: bambo, mayi woyamwitsa, agogo aakazi, mtsikana wa zaka 12 woluka tsitsi, mnyamata wa zaka 9, mtsikana wa zaka 6 ndi khanda la miyezi inayi. Nsabwe zaoneka pa mtsikana wamng'ono, amene amagona mphasa imodzi ndi mkulu wake pamodzi ndi agogo. Mwambi wakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe ukugwira pano monga mmene ulili, chifukwa palibe munthu amene angadzipese bwino kunkhongo, ndipo mayi amafuna wina womupesa.

Tsiku loyamba likhale Loweruka, pamene ana sali kusukulu. Anthu onse asanu ndi awiri amapesedwa tsiku lomwelo, ngakhale amene sakukanda, ndipo chipeso chimaviikidwa m'madzi otentha pakati pa mutu ndi mutu. Zipezeke kuti atsikana awiri ali ndi nsabwe zambiri, agogo ali ndi ziwiri pansi pa duku, mnyamata ali ndi imodzi, ndipo bambo, mayi ndi khanda alibe. Mnyamata amametedwa mpala. Agogo, amene tsitsi lawo n'lalifupi, amangotsatira chipeso. Atsikana awiri, ngati banja lapeza pemetirini, amatsukidwa ndi sopo kuchotsa mafuta amene anapesera, amapukutidwa, amapakidwa kwa mphindi 10 n'kutsukidwa ataweramira m'beseni kuti mankhwala asayenderere thupi lonse kapena kulowa m'maso. Atatu opanda nsabwe sapakidwa kanthu, chifukwa mankhwalawa si oteteza.

Lamlungu atsikanawo amayesedwa ndi chipeso m'tsitsi lonyowa ndi madzi okha, kuti aone ngati nsabwe zazikulu zafa. Lachitatu, limene ndi tsiku lachisanu, atsikana ndi agogo amapesedwa, ndipo tiana tating'ono tikapezeka sichikhala chodabwitsa. Lamlungu lotsatira, tsiku lachisanu ndi chinayi, atsikana amapakidwanso mankhwala, agogo amapesedwa, ndipo bambo, mayi ndi khanda amayesedwanso, poti nsabwe imodzi ikhoza kuti inazemba chipeso poyamba. Lachinayi, tsiku la 13, kupesa kumabwerezedwa, ndipo Lolemba, tsiku la 17, nyumba yonse imayesedwa komaliza. Mtsikana wamkulu salukidwa malukidwe okhalitsa mpaka tsiku limenelo litadutsa, koma amangomangidwa timfundo tomasuka msanga.

Nyumba yonse ikutanthauza onse amene mitu yawo imakhudzana, kuphatikizapo msuweni wa pakhomo loyandikana amene amagona kwa agogo omwewo, mnzake wa mtsikana amene amalukana naye, ndi mwana amene amagonera kufupi ndi sukulu mkati mwa sabata n'kubwera kunyumba Lachisanu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene ana amafunda bulangeti limodzi mitu itagundana, kusiya mmodzi mwa amenewa n'kokwanira kubwezeretsa nsabwe kwa onse. Ana sayenera kujomba kusukulu chifukwa cha nsabwe, koma kudziwitsa mphunzitsi mwakachetechete kumathandiza kuti makolo ena ayese ana awo sabata yomweyo.

Kodi zofunda, zovala ndi nyumba zimafuna ntchito yochuluka bwanji?

Zimafuna yochepa kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Ku Australia ofufuza anayesa pansi pa makalasi 118 ndipo sanapeze nsabwe ngakhale imodzi, pamene m'mitu ya ana a m'makalasi omwewo munali nsabwe zoposa 14,000. Kafukufuku wina wa komweko anapeza nsabwe zamoyo pa nsalu za mapilo pafupifupi 4 pa 100 zokha. Zokwanira kusamalidwa ndi zimene zakhudza mutu m'masiku awiri apitawo: nsalu za mapilo, maduku, zipewa, matawulo ndi chitenje chotsamira. Nsabwe ndi mazira zimafa pa kutentha kopitirira madigiri 54 kwa mphindi zisanu, kotero kuthira madzi ongophulidwa pamoto m'beseni la zinthuzi kapena kuzisita ndi simbi kumakwanira, ndipo zipeso zimaviikidwa m'madzi otentha kwa mphindi 10. Mabulangeti ndi mphasa zimayanikidwa padzuwa tsiku lonse, ndipo chinthu chosachapika chimamangidwa m'thumba lapulasitiki kwa masabata awiri. Kupopera mankhwala m'nyumba sikuthandiza, ndipo nkhuku, agalu ndi mbuzi sizisunga nsabwe za anthu.

Nsabwe zikapezeka m'misoko ya zovala, umenewo ndi mtundu wina, wa nsabwe za m'thupi, zimene zimatha kufalitsa matenda oopsa a malungo a mtundu wina, ndipo pamenepo kuwiritsa ndi kusita zovala zonse ndiye chithandizo chenicheni. Nsabwe za m'mutu sizidziwika kuti zimafalitsa matenda otero.

Kodi palafini ndi mankhwala a kumunda angagwiritsidwe ntchito pamene mankhwala enieni asowa?

Sangagwiritsidwe ntchito ngakhale pang'ono, ndipo nkhani imeneyi ndi yaikulu m'dera la alimi, kumene mankhwala opopera thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba, othira m'chimanga chosunga ndiponso osambitsira ng'ombe amasungidwa m'nyumba. Ena mwa mankhwalawa ndi a gulu limodzi ndi a nsabwe, koma mphamvu yake ndi yochuluka kwambiri ndipo amasakanizidwa ndi zosungunulira zimene zimawalowetsa m'magazi kudzera pa khungu, makamaka m'mutu mwa mwana momwe muli kale zilonda za kukanda. Palafini amawotcha khungu ndipo amayaka mwana akangodutsa pafupi ndi moto. Mwana amene wapakidwa mankhwala a kumunda n'kuyamba kutuluka malovu ambiri, kuchita thukuta, kusanza, kunjenjemera kapena kupuma movutika ayenera kuvulidwa zovala, kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri, ndi kuthamangitsidwa ku chipatala pamodzi ndi botolo la mankhwalawo kuti achipatala adziwe chomupatsa.

Kodi ndi liti pamene nkhani ya nsabwe imafuna wachipatala?

Imafuna wachipatala pamene kukanda kwasiya zilonda zotuluka mafinya kapena nkhanambo zachikasu, pamene mwanabele watupa kunkhongo kapena kumbuyo kwa makutu, kapena pamene mwana watentha thupi, chifukwa zimenezi zimasonyeza kuti tizilombo tina talowa m'zilondazo ndipo mankhwala a nsabwe sayenera kupakidwa pa khungu lotseguka lisanachizidwe. Imafunanso wachipatala pamene mitundu iwiri ya mankhwala yapakidwa moyenera, kawiri uliwonse, ndipo nsabwe zazikulu zikupezekabe ngakhale onse a m'nyumba anayesedwa. Pamenepo dokotala angapereke mapiritsi a ivamekitini, amene amamwedwa kawiri motalikirana sabata imodzi ndipo mlingo wake umawerengedwa malinga ndi kulemera kwa thupi. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 mapiritsiwa anachiza anthu 95 pa 100 amene mankhwala opaka anali atalephera, koma saperekedwa kwa mwana wolemera makilogalamu osakwana 15 kapena kwa mayi wapakati, ndipo ivamekitini wogulitsidwa kuti abayire ng'ombe ndi mbuzi si wa anthu.